Mawu angati pa silaidi imodzi ngati uthenga ukawerengedwe pa foni

Alangizi ambiri timakonza masilaidi pa laputopu, koma alimi ndi atsogoleri a magulu amakawaonera pa foni, kawirikawiri ngati zithunzi zotumizidwa pa WhatsApp. Chimene chimaoneka bwino pa tebulo la mu ofesi chimafika kumudzi chili tizilembo tonga nyerere, ndipo wolandirayo, m'malo movutika kukulitsa chithunzi ndi zala, amangochidumpha. Langizo langa ndi lakuti tisayambe ndi kulemba mawu kenako n'kufinya zilembo kuti zikwane, koma tiyambe ndi kusankha kukula kwa zilembo kumene diso lingawerenge pa foni, ndipo kukula kumeneko ndiko kutiuze mawu amene silaidi inganyamule.

Chifukwa chake chili m'miyezo. Silaidi yopingasa imene PowerPoint imatsegula mukangoyamba ndi yotambalala pafupifupi masentimita 34, pamene sikirini ya foni yogwiridwa choimirira ndi masentimita 6 kapena 7 m'lifupi. Choncho chilichonse cholembedwa pa silaidiyo chimachepa pafupifupi kasanu. Zilembo za saizi 18, zimene ambiri timazikonda, zimafika pa foni zisakukwana ndi saizi 4 yomwe, ndipo za saizi 24 zimangotsala pang'ono kufika pa 5. Kuti zilembo zifike pafupi ndi zimene timawerenga m'nyuzipepala, zomwe zimakhala cha pa 9, muyenera kulemba ndi saizi 44 kapena kupitirira. Musadalire kuti wowerenga atembenuza foni kuti igone chopingasa, pakuti anthu ambiri amaona mauthenga akuyenda kapena atagwira katundu kudzanja lina.

Mukaika saizi 44 n'kusiya malire pang'ono m'mbali, mzere umodzi umalandira zilembo pafupifupi 35 mpaka 38, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo mutapatula malo a mutu mumatsala ndi mizere inayi kapena isanu yopumira bwino. Pamenepa ndi pamene ine ndimasiyana ndi anthu olangiza kuti tiziwerenga mawu okha. Mawu a Chichewa ndi aatali, chifukwa liwu limodzi limanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa pamodzi. Liwu lakuti "mukulimbikitsidwa" lili ndi zilembo 17, ndipo lokhalo ladya theka la mzere. Ndi bwino kuwerenga zilembo: silaidi yopingasa isapitirire zilembo 150 kapena 170, zomwe m'Chichewa ndi mawu apakati pa 15 ndi 25, malinga ndi kutalika kwake.

Tiyese ndi uthenga wa kabzalidwe ka chimanga. Mlangizi angalembe motere: "Alimi nonse mukulimbikitsidwa kuti pobzala chimanga chanu chaka chino muonetsetse kuti mizere yanu yatalikirana masentimita 75 ndipo mapando atalikirane masentimita 25 komanso mubzale mbewu imodzi pa phando lililonse kuti mudzakolole zochuluka." Chiganizochi n'chaulemu ndipo pa msonkhano chingamveke bwino, koma chili ndi mawu 31 ndi zilembo zopitirira 240, zomwe zingafune mizere isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, ndipo manambala amene mlimi akuwafuna abisala pakati. Pochikonza, chotsani kaye mawu amene wowerenga akuwadziwa kale: akudziwa kuti ndi mlimi, kuti chimangacho ndi chake, ndiponso kuti akufuna kukolola zambiri. Zotsalazo ndi mfundo zitatu, ndipo iliyonse ipatsidwe mzere wakewake pansi pa mutu wakuti "Kubzala chimanga". Mzere woyamba ukhale "Mizere italikirane masentimita 75", wachiwiri "Mapando atalikirane masentimita 25", ndipo wachitatu "Bzalani mbewu imodzi pa phando". Mawu atsika kufika pa 15, palibe mzere wopitirira zilembo 35, ndipo palibe mfundo ya ulimi imene yatayika.

Kudula kuli ndi malire ake, ndipo apa ndi pofunika kusamala kwambiri. Pa pulojekita mukhoza kulemba "75, 25, 1" chifukwa inuyo mwaima pomwepo kufotokoza, koma silaidi yapita pa foni ilibe woilankhulira. Musachotse muyezo, monga masentimita, malita kapena masiku, ndipo musachotse mneni wouza munthu chochita. Musalekanitsenso mfundo ziwiri zodalirana. Ngati mukufotokoza kasungunulidwe ka mankhwala opopera, muyezo wa mankhwala, kuchuluka kwa madzi ndi chenjezo lovala zodzitetezera zikhale pa silaidi imodzi, pakuti anthu amatumizirana chithunzi chimodzi chokha n'kusiya zinzake, ndipo muyezo woyenda wokha popanda chenjezo ukhoza kuvulaza munthu. Zinthu zotere zikakana kukwana, chotsani chithunzi chokongoletsa kapena chizindikiro cha bungwe chachikulu, osati kuchepetsa zilembo.

Uthenga ukakhala wautali, ugaweni pa masilaidi awiri kapena atatu, iliyonse yokhala ndi mutu wake ndi nambala, monga 1/3 ndi 2/3, kuti wolandira adziwe ngati china chasowa. Koma kumbukirani kuti chithunzi chilichonse chimadya bandulo ya wolandira, ndipo munthu akaona zithunzi makumi awiri zafika nthawi imodzi amazengereza kuzitsegula. Kwa ine, phunziro limodzi likapitirira masilaidi asanu ndi imodzi, ndiye kuti muli maphunziro awiri amene ayenera kutumizidwa masiku osiyana.

Ngati mukudziwa kuti masilaidi anu ndi a pa foni basi, ayimikeni. Mu PowerPoint pitani pa `Design`, kenako `Slide Size`, `Custom Slide Size`, n'kusankha `Portrait`. Silaidi yoimirirayi, yotambalala masentimita 19, imachepa katatu kokha, choncho saizi 28 imawerengeka monga ankachitira 44. Dziwani kuti kuimika sikutalikitsa mzere, chifukwa foni ndi yomweyo ndipo zilembo 35 zija sizisintha kwenikweni. Chimene mumapindula ndi mizere yambiri, moti mfundo zitatu zija zingakhale pamodzi ndi chithunzi cha mzere ndi mapando ake. Ngati mukaika pa `Status` ya WhatsApp, siyani malo opanda mawu pamwamba ndi pansi, chifukwa dzina la wotumiza ndi malo oyankhira zimaphimba pamenepo.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale odziwa. Mukamaonjezera mawu m'bokosi lolembamo, PowerPoint imatha kuchepetsa zilembo yokha kuti zikwane, ndipo mumaganiza kuti muli pa 44 pamene mwatsika kale kufika pa 28. Dinani bokosilo kudzanja lamanja, sankhani `Format Shape`, ndipo pa `Text Box` ikani `Do not Autofit`. Mukatero mawu akachuluka adzasefukira kunja kwa bokosi, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chabwino chakuti nthawi yodula yakwana.

Musanatumize ku gulu, dzitumizireni nokha kudzera pa WhatsApp pomwepo, chifukwa chithunzi chimapanikizidwa podutsa ndipo zilembo zopyapyala kapena zolembedwa pamwamba pa chithunzi ndizo zimayamba kufufutika. Tsegulani pa foni yaing'ono kwambiri imene mungaipeze, tulukani nayo panja padzuwa, ndipo ipatseni munthu wachikulire amene sanamvepo uthengawo. Muoneni zala ndi maso. Akayandikitsa foni kumaso kapena kuyamba kukulitsa chithunzi, zilembo zachepa ndipo mawu achuluka. Akawerenga mosavuta koma n'kufunsa kuti "75 imeneyi ndi ya chiyani?", ndiye kuti mwadula mopitirira, ndipo bwezeranipo liwu limene lasowalo musanatumize.