Musanadine Send: momwe mungatsimikizire kuti fayilo yapitadi ndi imelo yanu

Mtsikana wina wa ku koleji anali kwawo ku Chitakale, ku Mulanje, pomwe aphunzitsi ake anapereka lamulo loti asayimenti iwafike pa imelo pasanakwane 5 koloko madzulo Lachisanu. Ntchitoyo anaimaliza masana, pa laputopu yobwereka kwa msuweni wake, kenaka anaisamutsira mu foni chifukwa bandulo inali m'menemo. Nthawi itangopitirira 4:50 anatsegula Gmail, n'kulemba adiresi ya aphunzitsiwo ndi mutu woti "Asayimenti yachiwiri". Anadina kachizindikiro komatira fayilo, fayiloyo n'kuiona ili pamwamba penipeni, koma nthawi yomweyo amayi ake anamuitana panja kuti adzaphule nyemba pamoto. Atabwerako anadina batani lobwerera m'mbuyo, n'kuona imelo yake ili chikhalire, ndipo anadina Send mtima uli m'malo. Foni inalemba kuti uthenga wapita, ndipo sinaname.

Lolemba m'mawa yankho linabwera la mzere umodzi: "Ndalandira mutu wokha, asayimentiyo ili kuti?"

Cholakwika chake chinali chaching'ono. Fayiloyo anaiona ndi maso koma sanaisankhe, ndipo batani lobwerera lija linatseka malo osankhira mafayilo popanda kutenga kanthu. Gmail sikana imelo yotereyi. Ikakhala ndi adiresi yolondola imapita basi, kaya muli fayilo kaya mulibe. Pa kompyuta nthawi zina imakuchenjezani ngati mwalemba mawu a Chingerezi onga "I have attached" koma simunamate kanthu. Chenjezoli limadalira mawu omwe mwalemba mu uthengamo, ndiye munthu amene wasiya uthenga wopanda mawu, monga anachitira mtsikanayu, palibe chomugwira dzanja.

Yambani ndi fayilo, adiresi ibwere pomaliza

Ambirife timalemba imelo kuchokera pamwamba kutsika m'munsi: adiresi, mutu, uthenga, kenaka fayilo ngati takumbukira. Tembenuzani dongosololi. Mukadina Compose, musakhudze bokosi la To. Pitani kaye pa kachizindikiro kooneka ngati kawaya kopanira mapepala, kamene pa foni kamakhala pamwamba kumanja, ndipo pa kompyuta kamakhala m'munsi pafupi ndi batani la Send. Sankhani fayilo, lembani mutu ndi uthenga, adiresi muiike pomaliza. Chifukwa chake n'chapafupi: imelo yopanda adiresi singachoke. Chala chikaterereka, kapena mwana akakudzutsani pakati pa ntchito, palibe chomwe chingapite musanakonzeke.

Ntchito ina yofunika imachitika Gmail isanatsegulidwe n'komwe, ndiyo kupereka dzina labwino kwa fayiloyo. Mu foni ya wophunzira mumadzaza mafayilo otchedwa `Document1`, `final` ndi `final final 2`, ndipo pa nthawi yothamanga munthu amatola lililonse. Ikani nambala yanu ya kusukulu, phunziro ndi ntchito yake, mwachitsanzo `nambalayanu_Biology_Assignment2.pdf`. Ngati aphunzitsi sanatchule mtundu wa fayilo womwe akufuna, PDF ndiye yosavuta, chifukwa masamba sasokonekera akaitsegula pa makina ena. Mu Word imapangidwa pa Save As, ndipo mu Google Docs pa kompyuta mumapita pa File, kenaka Download. Koma akanena kuti akufuna ya Word, atumizireni ya Word, mwina akufuna kulembamo ndemanga.

Onani dzina ndi kukula kwake

Fayilo ikamatidwa bwino imaoneka m'munsi mwa uthenga, m'kabokosi kokhala ndi dzina lake komanso kukula kwake. Kabokosiko kakasowa, dziwani kuti palibe chamatidwa, ngakhale mukukumbukira bwinobwino kuti munadina. Apa mpamene mtsikana wa ku Chitakale akanapulumukira, akanangotsitsa maso pang'ono.

Nambala ya kukulayo ambiri saiwerenga, komatu imanena zambiri. Asayimenti ya masamba angapo ya mawu okhaokha imakhala ya ma KB makumi angapo kapena mazana ochepa. Mukaona 0 KB kapena 1 KB ndiye kuti fayiloyo ndi chikhungwa chabe, mwina sinamalize kusamuka kuchokera pa laputopu. Kumtunda nako kuli malire. Gmail imalola mafayilo osapitirira 25 MB pa imelo imodzi. Wolemba pa kompyuta safika kumeneko kawirikawiri, koma amene walemba masamu pamanja n'kujambula tsamba lililonse ndi kamera amafikako msanga: zithunzi khumi za 3 MB chilichonse zakwana kale 30 MB. Zikatero Gmail imaika fayiloyo mu Google Drive n'kutumiza linki m'malo mwake, ndipo apa pamabisala msampha wina. Linkiyo ikakhala pa Restricted, aphunzitsi anu osapatsidwa chilolezo, iwo amangoona uthenga wowauza kuti apemphe mwayi wotsegula. Kwa iwo n'chimodzimodzi ndi imelo yopanda kanthu. Gmail ikakufunsani za chilolezochi musadumphe funsolo. Ine ndimaona kuti kuli bwino kungopewa linki: jambulani masambawo ndi Scan ya mu Google Drive, imene imawaphatikiza kukhala PDF imodzi, yomwe nthawi zambiri imakhala yopepuka kuposa zithunzi zosiyanasiyana, ndipo masamba amakhala m'ndondomeko yake.

Uthenga musausiye wopanda mawu. Mizere iwiri yakwana: moni, dzina lanu, kalasi, ndi dzina la fayilo yomwe mwamata. Polemba dzina la fayilolo mumakakamizika kuliyang'ana, ndipo wolandira amadziwa chomwe akuyenera kupeza.

Mukadina Send ntchito sinathe

Pamasekondi ochepa oyamba, m'munsi mwa sikirini mumabwera mawu oti Undo. Mukazindikira cholakwika nthawi yomweyo, dinani pamenepo ndipo imeloyo ibwerera kwa inu isanapite. Pa kompyuta nthawiyi mungaitalikitse: pitani pa Settings, See all settings, ndipo pansi pa General mupeza Undo Send, pomwe mungasankhe masekondi 5, 10, 20 kapena 30. Ikani 30. Nthawiyo ikadutsa palibenso njira yobwezera.

Tsopano gawo lomwe ndi mtima wa nkhani yonseyi. Tsegulani Sent, pezani imelo yomwe mwangotumizayo, ndipo mutsegule fayiloyo kuchokera m'menemo, osati kuchokera komwe munaisunga mu foni. Zomwe mukuona mu Sent ndi zomwe wolandira aona. Musalekere pa tsamba loyamba, popeza fayilo yakale ndi yatsopano zimafanana kumayambiriro. Tsikani mpaka tsamba lomaliza, muone ngati ndime yomwe munalemba pomalizira ilimo. Amene anakonza asayimenti usiku n'kuiwala kupanganso PDF yatsopano amagwidwa pano, fayilo ilipo, dzina lili bwino, koma m'kati muli ntchito ya dzana.

Imeloyo ikasowa mu Sent, yang'anani mu Outbox. Pa foni, uthenga womwe sunathe kuchoka umadikira kumeneko, ndipo pambali pake pamalembedwa Queued. Anthu okhala m'midzi ya kuseri kwa phiri, kapena m'zigwa za pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, akudziwa momwe netiweki imabwerera ndi kuthawa pa khomo lomwelo. Uthenga wa mawu okha umadutsa pa netiweki yofooka, koma fayilo ya ma MB angapo imafuna kuti intaneti ikhazikike kufikira yonse itakwera. China chomwe chimapusitsa ambiri ndi mtundu wa bandulo. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha siyendetsa Gmail, choncho mauthenga a anzanu amalowa bwinobwino pomwe imelo yanu ili gone mu Outbox. Onani kuti muli ndi bandulo ya intaneti yonse, sunthani kupita pomwe netiweki imagwira, tsegulani Outbox n'kukokera sikirini m'munsi, ndipo musachoke mpaka uthengawo utasamukira mu Sent. Kumbukirani kuti wolandira amaona nthawi yomwe imelo yamufikira, osati yomwe munadina batani. Yodinidwa 4:55 koma n'kuchoka 7 koloko usiku yachedwa. N'chifukwa chake kusiya ola lathunthu nthawi isanakwane n'kwanzeru, makamaka tsiku lomwe magetsi athima ndipo batire ili pafupi kutha.

Ngati yapita kale yopanda kanthu

Nthawi ikadalipo, tumizaninso pompopompo, ndipo pamutu muonetse kuti iyi ndiyo yoyenera, mu uthengamo n'kupempha kuti yoyambayo aisiye. Chenjerani ndi kusiyana kwa Reply ndi Forward. Reply satenga fayilo ya mu imelo yakale, mumayenera kuimatanso. Forward ndiye imanyamula mafayilo omwe analimo.

Nthawi ikadutsa, monga zinamuchitikira mtsikana uja, pali chinthu chimodzi choti musachite: musatsegule fayiloyo n'kuyamba kukonzamo. Tsiku ndi nthawi yomwe inasinthidwa komaliza ndiwo umboni wanu woti ntchitoyo inatha nthawi isanakwane. Pa kompyuta ya Windows zimaoneka pa Date modified, ndipo mu Google Docs muli Version history yosonyeza nthawi yomwe chilichonse chinalembedwa. Mukangosinthamo ngakhale chilembo chimodzi n'kusunga, Date modified isonyeza lero.

Mtsikana uja anayankha pa imelo yomweyo ya aphunzitsi ake, kuti nthawi ya Lachisanu ija ioneke m'munsi mwake. Anamata fayilo poyamba, pamodzi ndi chithunzi cha pa laputopu ya msuweni wake chosonyeza kuti inasungidwa Lachisanu masana, ndipo analemba mwachidule: "Pepani aphunzitsi, ndinatumiza imelo Lachisanu nthawi isanakwane koma fayilo sinamatidwe, ndipo kulakwa kwake n'kwanga. Nayi asayimentiyo, sindinasinthemo chilichonse chiyambire tsikulo. Ngati n'kotheka, chonde ilandireni." Sananamizire netiweki, ndipo anachita bwino, pakuti imelo yoyamba ija inafika pa nthawi yake, bodzalo likanaonekera poyera.

Aphunzitsiwo anailandira koma anamudula malikisi a kuchedwa, malinga ndi lamulo lomwe anauza kalasi yonse poyamba pa teremu. Ena akanakana ndithu, ndipo umboni wa tsiku suwakakamiza kulandira. Asayimenti yachitatu anaitumiza Lachinayi usiku, n'kuitsegula mu Sent mpaka tsamba lomaliza. Anaikanso adiresi ya msuweni wake pa Bcc, bokosi lotumizira imelo yomweyo kwa munthu winanso popanda wolandira kuona, kenaka n'kumuimbira foni kumufunsa ngati fayiloyo ikutseguka kumbali yake ndiponso ngati masamba onse alimo.