Momwe mungawerengere Impressions, Views ndi Unique viewers pa vidiyo imodzi ya YouTube

Ambiri amene ali ndi tchanelo pa YouTube amati akatsegula YouTube Studio n'kuona manambala atatu osiyana pa vidiyo imodzi, amatenga yaikulu kwambiri n'kumauza anzawo kuti anthu onsewo aonera. Ena amagawa Views ndi Impressions, yankho n'kusiyana ndi peresenti imene ili pa sikirini, ndiye amaganiza kuti YouTube yawabera. Palibe chalakwika pamenepo. Manambala atatuwa amawerenga zinthu zitatu zosiyana. Impressions amawerenga maulendo amene chithunzi chapachikuto cha vidiyo chaoneka pamaso pa munthu, Views amawerenga maulendo amene vidiyo yaonedwa, ndipo Unique viewers ndi chiwerengero choyerekeza cha anthu enieni amene aonera.

Kufika pamene pali manambalawa

Gwiritsani ntchito kompyuta ngati ilipo, chifukwa pulogalamu ya pafoni imaonetsa zinthu mwachidule. Lowani pa studio.youtube.com, dinani Content kumanzere, lozani vidiyo imene mukufuna, kenako dinani Analytics. Onetsetsani kuti kumanzere kukuoneka chithunzi cha vidiyoyo osati cha tchanelo, apo ayi mukhala mukuwerenga manambala a mavidiyo anu onse pamodzi. Pamwamba pali magawo angapo. Dinani Reach, ndipo muona mabokosi anayi ali pamzere umodzi: Impressions, Impressions click-through rate, Views ndi Unique viewers. Impressions click-through rate ndiyo peresenti ija, imene imaonetsa kuti pa maulendo amene chithunzi chinaoneka, ndi angati amene anthu anadina n'kuonera.

Musanawerenge nambala iliyonse, yang'anani kaye pakona yakumanja pamwamba, pamene pamasankhidwa masiku. Sankhani Last 28 days kapena Last 90 days. Unique viewers amawerengedwa pa nthawi yosapitirira masiku 90, choncho ngati vidiyo yatha chaka ndipo mwasankha nthawi yonse kuyambira pamene inaikidwa, chiwerengero chonse cha anthuwo simuchipeza. Komanso musathamangire kuweruza vidiyo imene mwaika m'mawa uno. Manambala a pa Reach amatsalira kumbuyo, nthawi zina mpaka masiku awiri, pomwe bokosi la Realtime pa Overview limangopereka kuyerekeza kwa maola 48 apitawa.

Chimene Impressions amawerenga, ndi chimene amasiya

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. YouTube imawerenga Impression imodzi pamene chithunzi chapachikuto chaoneka pa sikirini kwa nthawi yoposa sekondi imodzi, ndipo theka la chithunzicho kapena kuposa pamenepo likuoneka. Munthu akamayendetsa chala mwachangu chithunzi chanu n'kungodutsa ngati mphezi, sichiwerengedwa. Akaima pang'ono, chawerengedwa, ngakhale asadine. Ndipo munthu yemweyo akachionanso mawa patsamba loyamba, chimawerengedwanso. Choncho Impressions 12,000 si anthu 12,000, komanso sizitanthauza kuti wina wamva ngakhale liwu limodzi la m'vidiyo yanu.

Chachiwiri, chimene ambiri sachidziwa, n'chakuti Impressions amawerengedwa pamalo ena okha a mkati mwa YouTube: patsamba loyamba, pa zotsatira za kusaka, pamndandanda wa mavidiyo amene amabwera pambali kapena pansi pa vidiyo ina, pa Subscriptions, ndi m'mindandanda ya mavidiyo. Linki imene mwatumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook siwerengedwa, ngakhale kuti chithunzi chimaoneka bwinobwino mu uthengawo. Vidiyo imene yaikidwa patsamba lina la pa intaneti siwerengedwa. Uthenga wa belu umene umafika pafoni ya olembetsa suwerengedwa, chimodzimodzi imelo, timakadi ta mkati mwa vidiyo ndi zithunzi za kumapeto kwa vidiyo. YouTube Music ndi YouTube Kids nazonso zili kunja. Ngakhale munthu amene watsegula YouTube pa burawuza ya foni m'malo mwa pulogalamu yake, zithunzi zimene akuona sizilowa m'chiwerengerochi.

Koma onsewa akadina n'kuonera, amalowa mu Views. N'chifukwa chake si zachilendo kuti vidiyo ikhale ndi Views ochuluka kuposa amene Impressions akanabweretsa, mwinanso kuposa Impressions enieniwo.

Chitsanzo chowerengera

Tiyerekeze kuti kwaya ya pampingo wina yaika vidiyo ya nyimbo yatsopano, ndipo patatha masiku 28 manambala ali motere. Manambalawa ndi ongopeka kuti tiphunzirirepo.

Impressions: 12,000
Impressions click-through rate: 5.0%
Views: 2,400
Unique viewers: 1,500

Mlembi wa kwaya akagawa 2,400 ndi 12,000 apeza 20 peresenti, pomwe sikirini ikunena 5. Kuwerengera koyenera ndi uku:

```
12,000 × 0.05 = 600
2,400 − 600 = 1,800
2,400 ÷ 1,500 = 1.6
```

Mzere woyamba ukutanthauza kuti pa maulendo 12,000 amene YouTube inaonetsa chithunzicho, maulendo 600 ndi amene anthu anadina n'kuonera. Simuyenera kudalira masamu anu okha pamenepa. Tsikani pansi pa tsamba la Reach lomwelo, muona bokosi looneka ngati fanelo lolembedwa Impressions and how they led to watch time, ndipo mkati mwake muli mzere wa Views from impressions. Nambala ya pamenepo iyenera kuyandikana ndi 600 wanuyo. Ikasiyana pang'ono musadabwe, peresenti ya pa sikirini imakhala yofupikitsidwa.

Mzere wachiwiri ndi umene uli ndi phindu lalikulu kwa mwini vidiyo. Maulendo 1,800 anachokera kwina kumene Impressions sawerengedwa. Kuti mudziwe kumene anachokera, yang'anani bokosi la magwero a oonera pa tsamba lomwelo, limene limatchula mayina monga Browse features, Suggested videos, YouTube search, External, Notifications ndi Direct or unknown. M'chitsanzo chathu tinene kuti External ili ndi 1,300, Direct or unknown 300, ndipo Notifications 200. Bokosi la External limaonetsanso mayina a mapulogalamu amene anatumiza anthu, ndipo pa vidiyo ngati iyi WhatsApp ndi imene mungayembekeze pamwamba, popeza oimba aliyense watumiza linki ku gulu la banja, la kumpingo ndi la abale a ku Joni. Ena mwa odina malinki oterewa amagwera mu Direct or unknown pamene YouTube yalephera kuzindikira kumene achokera.

Tanthauzo lake n'lakuti magawo atatu mwa anayi a kuonera konse abwera ndi khama la oimba eni ake komanso mauthenga a belu, ndipo gawo limodzi lokha ndi limene labwera kudzera mu Impressions. Kwayayi ikangoyang'ana Views ingaganize kuti YouTube yaikonda nyimboyo. Zoona zake n'zakuti malinki akasiya kuyenda m'magulu, kuonera kudzatsika msanga, pokhapokha Impressions atayamba kukwera.

Nanga 5 peresenti ndi yabwino? YouTube yokha imanena kuti theka la matchanelo ndi mavidiyo onse limakhala pakati pa 2 ndi 10 peresenti. Koma peresenti imeneyi musaiwerenge payokha. Masiku oyamba chithunzi chimaonetsedwa kwambiri kwa anthu amene amakudziwani kale, ndipo amadina mosavuta. YouTube ikayamba kuchionetsa kwa alendo, Impressions amakwera pomwe peresenti imatsika. Vidiyo ya 12 peresenti pa Impressions 500 yapeza maulendo 60 okha, pomwe ya 4 peresenti pa Impressions 50,000 yapeza 2,000. Kutsika kwa peresenti pamene Impressions akukwera si chifukwa chosinthira chithunzi. Chodetsa nkhawa ndi pamene zonse ziwiri zili pansi pamodzi, kapena pamene peresenti ili pamwamba koma anthu akuchoka masekondi oyamba, zimene mungaone pa gawo la Engagement. Zikatero ndiye kuti chithunzi kapena mutu ukulonjeza chimene m'vidiyomo mulibe.

Views ndi Unique viewers

Mzere wachitatu wa masamu athu, 1.6, ndi maulendo amene munthu mmodzi waonera tikagawa mofanana. Nambalayi imapezekanso yowerengedwa kale pansi pa dzina la Average views per viewer mukalowa mu Advanced mode. Mayi amene akuphunzira mawu a nyimbo, n'kuionera Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, angawonjezere maulendo atatu ku Views koma ku Unique viewers ndi mmodzi basi. Pa nyimbo, kubwereza kotere n'kwachibadwa. Pa vidiyo ya nkhani kapena chilengezo, nambalayi imayandikira 1, chifukwa munthu akamva kamodzi wamva.

Musaganize kuti kubwereza kulikonse kumawerengedwa. YouTube imasefa kuonera kumene ikukuona ngati kwachinyengo, monga kutsegula vidiyo yomweyo mobwerezabwereza pa foni imodzi kapena kuonera kogula, ndipo n'chifukwa chake Views nthawi zina amaima kapena kubwerera pansi pambuyo poti asefedwa. Kuuza achinyamata kuti aziisiya ikuzungulira usiku wonse n'kungotha bandulo pachabe.

Unique viewers ndi kuyerekeza, osati kalembera. YouTube imayesa kuzindikira kuti amene waonera pafoni masana ndi pa kompyuta madzulo ndi munthu mmodzi. Mbali inayo, banja la anthu asanu ndi mmodzi litaunjikana pa foni imodzi pakhonde, YouTube siingaone mitu yonseyo. Kumene foni imodzi imatumikira nyumba yonse, anthu enieni amene aonera angakhale ochuluka kuposa nambala ya pa sikirini. Ndipo amene akopera vidiyoyo n'kumatumizirana ngati fayilo pa WhatsApp kapena pa memore khadi salowa m'nambala iliyonse mwa atatuwa.

Cholakwika china chofala ndi kuphatikiza Unique viewers a tsiku ndi tsiku. Ngati Lolemba panali 400 ndipo Lachiwiri 300, sizitanthauza kuti masiku awiriwo ndi 700, chifukwa amene anaonera masiku onse awiri mwamuwerenga kawiri. Sankhani masiku onsewo pamodzi pakona ija, YouTube ikupatseni nambala imodzi. Views ndi Impressions okha ndi amene mungaphatikize tsiku ndi tsiku.

Ngati vidiyo yanu ndi ya Shorts, samalani poyerekeza ndi yaitali. Kuyambira pa 31 Malichi 2025, Views pa Shorts amawerengedwa nthawi iliyonse vidiyo ikangoyamba kapena kuyambiranso, posatengera kuti munthu wakhalapo masekondi angati. Kawerengedwe kakale kanatsala pansi pa dzina la Engaged views, ndipo imeneyo ndi nambala yoyenera kuigawa ndi Unique viewers mukafuna kudziwa ngati anthu akubwereradi.

Wamalonda kapena bungwe likakufunsani kuti vidiyo yafikira anthu angati, apatseni Unique viewers pamodzi ndi masiku amene mwasankha, mwachitsanzo anthu pafupifupi 1,500 m'masiku 28. Akafunsa kuti yaonedwa kangati, apatseni 2,400. Nambala ya 12,000 ija isungeni kuti muziyezera chithunzi ndi mutu wa vidiyo, ndipo mukasintha chithunzicho lembani tsiku lake, dikirani sabata yathunthu, kenako yerekezani peresenti ya sabata imeneyo ndi ya sabata yam'mbuyo pa gwero limodzimodzi, monga Browse features, osati pa magwero onse pamodzi.