Momwe mungasiyanitsire mfundo zomangidwa ndi macheza pofupikitsa zokambirana za pa msonkhano

Abwana akutumizirani fayilo yolembedwa ya mawu onse omwe anajambulidwa pa msonkhano wa ola lathunthu, ndipo angolembapo liwu limodzi: `summarise`. Musathamangire kufupikitsa ndime iliyonse. Iwo akufuna kudziwa mfundo zomwe zinamangidwa, yemwe agwire ntchitoyo, ndi tsiku loimalizira.

Choyamba, tsegulani fayiloyo nthawi ndi mayina a oyankhula zikuoneka. Pa mapulogalamu ochitira misonkhano pa intaneti, Teams imapereka fayilo ya mtundu wa `.docx` kapena `.vtt`, pomwe Zoom imapereka ya `.vtt`. Werengani mpaka kumapeto musanalembe kalikonse, chifukwa zomwe anthu avomereza koyambirira nthawi zina amadzazisintha msonkhano uli pafupi kutha.

Kenaka bwererani poyamba, muzichonga paliponse pomwe wina wapereka ganizo. Pa ganizo lililonse dzifunseni: kodi wapampando, kapena mwini mphamvu pa nkhaniyo, anavomereza? Kodi ntchitoyo inapatsidwa kwa munthu? Nanga palibe anadzaitembenuza pambuyo pake? Mawu ngati "bwanji titayesa", "mwina" kapena "tidzaona" amaonetsa kuti nkhani ikadali m'malere. Chenjerani kwambiri ndi "chabwino". Nthawi zambiri munthu amatero pongosonyeza kuti wamva, osati kuti wavomera, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya.

Tiyerekeze kuti pa 00:12:40 mlembi akuti maphunziro a antchito atsopano asunthidwe kuchoka Lachitatu kupita Lachisanu, anthu awiri n'kuyankha kuti chabwino. Kenaka gulu likutha mphindi 5 likuseka za mpira. Pa 00:47:10 wapampando akuti chipinda chili ndi ena Lachisanu, choncho maphunziro akhalebe Lachitatu, ndipo mlembi atumize makalata pofika Lolemba. Mfundo yomangidwa ndi ya pa 00:47:10 yokhayo. Za Lachisanu zitchuleni m'chiganizo chimodzi ngati ganizo lomwe linakanidwa. Za mpira zisiyeni. Komabe macheza musawalumphe osawerenga, poti wina amatha kunena mkati mwa nthabwala kuti "lipoti lija ndimaliza ine mawa", ndipo limenelo ndi lonjezo lofunika kulemba.

Musanalembe nambala, tsiku kapena dzina, pitani pa mphindi imeneyo ya zojambulidwazo mumve nokha. Makina olemba mawu amasokoneza 15 ndi 50 anthu akamayankhula Chingerezi, ndipo anthu angapo akamagwiritsa ntchito maikolofoni imodzi, mawu awo onse angathe kulembedwa pa dzina limodzi.

Polemba, yambani ndi mfundo zomangidwa, iliyonse ndi mphindi yake. Zitsatire ntchito, eni ake ndi masiku, kenaka nkhani zomwe zinatsala osamalizidwa. Ngati ntchito inavomerezedwa koma sanatchule woigwira, musaikepo dzina longoganizira. Lembani kuti mwini wake sanatchulidwe, ndipo mufunse wapampando musanatumize kwa onse.