Poyesa 9991 musaime pa 89

Mukafuna kudziwa ngati nambala yoyandikira 10000 ndi pulaimu, kutanthauza nambala yosagawika ndendende ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, musavutike kuigawa ndi nambala iliyonse. Mukafika pa sikweya ruti yake, pafupifupi 100, mwamaliza, chifukwa nambala ziwiri zoposa 100 zikachulukitsidwa zimapitirira 10000. Gawani ndi mapulaimu okhaokha, omwe alipo 25 kuyambira 2 mpaka 97.

Koma chonde musatope msanga. Tengani 9991. Mukaigawa ndi mapulaimu onse mpaka 89 imangosiya chotsala, moti munthu amayamba kukhulupirira kuti ndi pulaimu. Pa 97, womaliza weniweniyo, imagawika ndendende: 97 × 103 = 9991. Pomwe 9973 imasiya chotsala pa onse 25, ndiye ndi pulaimudi. Nambala ikapitirira 10200, yesaninso 101.