Momwe mungachotsere "kindly do the needful" m'maimelo anu a Chingerezi

Mawu oti "do the needful" ndi Chingerezi chakale cha m'makalata a m'maofesi a Angerezi. Ku Britain anthu anasiya kuwagwiritsa ntchito, koma anakhazikika ku India ndi m'maofesi ambiri a kuno ku Africa. Mawuwa si olakwika pa galamala. Vuto lawo ndi loti satchula chimene mukufuna: amangoti "chitani zoyenera", ndipo wowerenga ayenera kudzifufuzira yekha kuti zoyenerazo n'ziti. Munthu amene ali ndi maimelo ambiri omudikira amadumpha imelo yotere n'kuyamba yomwe ikumuuza chochita.

N'chifukwa chake kungosintha mawuwa n'kulemba "please do what is necessary" sikuthandiza. Matenda ndi omwewo, mwangowasintha malaya.

Tiyeni tikonze imelo imodzi. Kalaliki wa kampani yogulitsa mapepala akufunsa ndalama za invoisi yomwe sinalipidwe, ndipo walemba motere:

```
Dear Sir/Madam,
Reference is made to the above subject matter.
Please find attached herewith our invoice for your perusal.
Kindly do the needful and revert at your earliest convenience.
Your usual cooperation will be highly appreciated.
```

Mizere isanu, koma palibe nambala ya invoisi, palibe kuchuluka kwa ndalama, palibe tsiku, ndipo mawu oti "pay" sakupezekamo.

Yambani ndi mafunso atatu musanakhudze imeloyo

Tengani pepala, muyankhe m'Chichewa: ndani achite, achite chiyani, pofika liti? Kalalikiyu angayankhe kuti: a ku akaunti alipire invoisi 0457 ya K850,000 pofika Lachisanu pa 14 Malichi. Ngati funso lachiwiri likukuvutani, ndiye kuti vuto silili pa Chingerezi. Nthawi zambiri "the needful" amabwera pamene wolembayo sanaganize bwino chomwe akufuna, kapena akuchita manyazi kutchula ndalama kwa munthu wamkulu.

Apa chenjerani, chifukwa invoisi imodzi ingafune zinthu zosiyanasiyana. Mwina mukufuna ailipire, mwina aisayine n'kuipititsa kwa abwana, mwina angotsimikiza kuti ailandira. Mneni aliyense ali ndi ntchito yake: "pay", "sign", "approve", "confirm", "forward". Sankhani mmodzi. Wolandira akatanthauzira "the needful" kuti ndi kusunga invoisiyo m'fayilo, simungamudzudzule, poti wachitadi zomwe iye waona kuti n'zoyenera.

Ikani pempho pamwamba, m'mzere umodzi

Mneni uja muikeni m'chiganizo choyamba ndi "Could you please". Mzere wa "Reference is made to the above subject matter" ufufuteni wonse, chifukwa mutu wa imelo wagwira kale ntchito imeneyo, bola mutuwo ukhale womveka. M'malo mwa "Invoice" pokha, lembani "Invoice 0457: payment due 14 March".

Ambiri amaopa kuti pempho lolunjika chonchi limveka ngati lamwano. Mantha amenewa ali ndi maziko, chifukwa ife tinazolowera kuti kwa wamkulu sumangofikira kunena chomwe wadzera, umayamba wapereka moni n'kukhala pansi. Koma m'Chingerezi cha m'maofesi lero ulemu umakhala m'malo ena: m'kupempha ngati funso, m'kupereka chifukwa, ndi m'kuthokoza. "Could you please pay" ndi ulemu wokwanira ngakhale kwa bwana wamkulu. "Kindly" ndiye amene angakupachikeni. Kwa ife amamveka ngati "chonde", pomwe kwa owerenga ambiri a ku Britain ndi ku America amamveka ngati mawu a munthu amene watopa nanu ndipo akudzigwira, monga mmene mphunzitsi angauzire mwana kuti "Kindly sit down". Komanso mawuwa amapezeka kawirikawiri m'maimelo a akathyali ofuna kuba ndalama, choncho ena akangowaona pafupi ndi nkhani ya malipiro amayamba kukayika.

Sinthani "msanga" akhale tsiku

"At your earliest convenience" amatanthauza nthawi imene wolandirayo apeze mpata, ndipo mpatawo ungapezeke mwezi wamawa. Lembani "by Friday 14 March". Mwezi muzilemba dzina lake. Mukalemba 03/04, wa ku Britain awerenga 3 Epulo pomwe wa ku America awerenga 4 Malichi. Onjezani chifukwa chachidule, monga kutseka mabuku a mwezi. Tsiku lopanda chifukwa limamveka ngati lamulo, koma likakhala ndi chifukwa munthu amamvetsa.

Tsopano sesani zotsala

"Revert" m'Chingerezi cha ku Britain ndi ku America amatanthauza kubwerera ku mmene chinthu chinalili kale. Kwa anthu a makompyuta amatanthauzanso kubweza zomwe zasinthidwa, ndiye mungasokoneze ntchito. Lembani "reply" kapena "let me know". "Please find attached herewith" akhale "I've attached", ndipo mutchule dzina la chomwe mwatumizacho. "For your perusal" chotsani. "The same" akaima m'malo mwa chinthu, monga "sign the same", lembani "it".

"Your usual cooperation will be highly appreciated" ndi mzere umene wotopa ndi kulemba amatsekera nawo. Suwonjezera kanthu. "Thank you" akukwanira.

Imelo ija tsopano ili chonchi:

```
Subject: Invoice 0457: payment due 14 March

Dear Finance team,
Could you please pay invoice 0457 (K850,000) by Friday 14 March?
We close our monthly accounts that day.
I've attached a copy. If anything is missing, let me know.
Thank you,
```

Onani kuti "Dear Sir/Madam" yachoka. Ngati dzina la wolandira mukulidziwa, ligwiritseni ntchito ndi "Mr", "Ms" kapena "Dr". Ngati simukulidziwa, tchulani dipatimenti.

Zomwe zimalakwika pokonza

Ena akamva kuti zakale zichoke amadula mopitirira n'kutsala ndi "Pay by Friday." Apo ndiye mwano weniweni. Chotsani mawu osanyamula kanthu, koma zitatu izi zitsale: "please", chifukwa chomwe mwapereka, ndi "thank you". Ena amathawira ku "ASAP", amene alibe tsiku monga "at your earliest convenience" uja ndipo amawonjezera kukalipa. Cholakwika china ndi kuunjika mapempho atatu m'ndime imodzi. Wolandira amayankha loyamba n'kuiwala enawo, choncho pempho lililonse likhale pamzere wake, ndi nambala.

Palinso malo amene simuyenera kufulumira kusintha. Kalata yopita ku unduna, kukhoti kapena ku ofesi imene ili ndi kalembedwe kake kokhazikika itsateni mmene amafunira, ndipo ikayamba ndi "Dear Sir/Madam" itseke ndi "Yours faithfully". Ngati abwana anu amakonda "kindly" ndipo aliyense muofesimo amamumva ngati "chonde", musalimbane nawo. Musiyeni "kindly", koma "the needful" yekhayo achoke, mulowetsepo mneni ndi tsiku: "Kindly sign page 3 and return it by Tuesday."

Musanatumize, bisani mutu ndi fayilo yomwe mwamata, mupatse mnzanu wapadesiki awerenge mzere woyamba wokha, ndipo mumufunse kuti akanakhala wolandira akanachita chiyani, pofika liti. Akayankha ndi funso, bwererani ku pepala lija.