Momwe mungasankhire pulogalamu yaulere yolondolera ntchito gulu lanu likakhala lilibe ndalama

Ngati ntchito za gulu lanu zimagawidwa pa gulupu ya WhatsApp mukudziwa kale mmene zimathera, uthenga woti uje akatenge risiti wakwiririka pansi pa mavidiyo ndi mauthenga a maliro, pofika Lachisanu aliyense akuti "ine sindinaone". Pulogalamu yolondolera ntchito imathetsa zimenezi, ntchito iliyonse imakhala ndi mwini wake ndi tsiku lothera. Zaulere zilipo zambiri, koma iliyonse ili ndi malire pena pake, ndiye musanasankhe dziwani malire amene inuyo muyambe kuwagunda.

Choyamba werengani anthu, onse ndithu. Tiyerekeze muli ndi kabizinesi kosindikiza mabana ndi makadi a ukwati, muli anthu 7, mukawonjezerapo wokonza zithunzi wa ganyu ndi mnyamata wopereka katundu pa njinga ndiye 9. Pulogalamu ya Trello, imene ntchito iliyonse imalembedwa ngati kadi pa bodi, yaulere yake imalola anthu 10 pa Workspace imodzi, kutanthauza malo a gulu lanu mmene mumakhala mabodi, ndipo amene mwangomuitana ngati mlendo pa bodi imodzi nayenso amawerengedwa. Pulogalamu ina yotchedwa Jira, yaulere yake nayo ndi anthu 10. Ndiye pa 9 mwatsala ndi malo amodzi basi, musayambe kuitanamo makasitomala kuti aziona oda yawo, atumizireni chithunzi cha sikirini. Ndikulimbikira apa chifukwa mukadutsa malire ndalama amawerengera munthu aliyense m'gulumo, osati wa nambala 11 yekhayo, komanso ndi madola, ndipo nonse mukudziwa mmene kulipira madola ndi khadi la banki kumavutira kuno.

Mukatero onani mafayilo amene mumagwira nawo. Pa Trello yaulere fayilo imodzi siingadutse 10MB, Jira imapereka 2GB kwa gulu lonse. Kwa osindikiza aja fayilo imodzi ya bana ikhoza kudutsa 10MB mosavuta. Njira yake ndi yapafupi, ikani fayiloyo pa Google Drive, pamene akaunti yaulere ili ndi 15GB, pa kadipo muike linki yokha.

Za mabodi musadandaule kwambiri. Trello imalola 10 pa Workspace koma makadi alibe malire, ndiye osapanga bodi ya kasitomala aliyense, zidzatha mwezi usanathe. Pangani imodzi ya maoda yokhala ndi mizere inayi: Zalowa, Zikukonzedwa, Zadikira kasitomala, Zatuluka. Oda iliyonse ikhale kadi, pakhale dzina la woigwira, tsiku, ndi mtundu wofiira ngati dipoziti sinalipidwe.

Malire amene ambiri samawaganizira ndi a zilolezo. Pa mapulani aulere mphamvu yosankha kuti uyu aone ichi uyu asaone imakhala yochepa, pa Jira yaulere simungasinthe zilolezo za munthu mmodzimmodzi ayi. Ndiye za malipiro a antchito ndi ngongole za makasitomala zisalowemo, kapena ngati ndi Trello zikhale pa bodi yakeyake ya Private ya anthu awiri. Maonekedwe ngati Timeline ndi Dashboard pa Trello ndi olipira, koma gulu la anthu 9 lingakhale bwinobwino opanda zimenezo.

Tsopano yesani sabata imodzi ndi ntchito zenizeni, ndipo yeserani pa foni ya mnzanu amene ali ndi foni yofooka kuposa onse, osati pa laputopu ya abwana. Apu ya Trello pa foni imalola kulemba netiweki itathawa, imadzatumiza ikabwerera, zimene ndi zothandiza magetsi akazima kapena bandulo ikatha. Chizindikiro choti zalephereka ndi chosavuta kuona, munthu mmodzi yekha ndi amene akusuntha makadi pamene ena onse akufunsabe pa WhatsApp. Zikatero pulogalamuyo yawalemera, bwererani ku Google Sheets yokhala ndi mizati ya ntchito, mwini, tsiku ndi pamene yafika, palibe manyazi pamenepo. Ine kwa gulu losapanga mapulogalamu a kompyuta Jira sindingailimbikitse, ili ndi mabatani ochuluka zedi.

Musanasamutse zonse yesani kutulutsa zinthu zanu. Pa Trello yaulere mumatulutsa bodi ngati fayilo ya mtundu wa JSON, ya CSV yotsekula mu Excel ndi ya olipira. Izi nzofunika chifukwa malamulo amasintha, malire a anthu 10 aja pa Trello anabwera mu 2024, magulu amene anali atadutsa kale mabodi awo anakhala ongowerenga mpaka atachepetsa anthu kapena kulipira. Choncho tsekulani tsamba la Pricing tsiku limene mukusankhalo mutsimikize manambalawa, tulutsani kope mwezi uliwonse, ndipo akhale anthu awiri okhala ndi mphamvu ya Admin, kuti wina akasiya ntchito mokwiya asapite ndi bodi yonse.