Kulowa mu Spotify mutafufuta Facebook

"Ndinkalowa mu Spotify podina Continue with Facebook. Facebook ija ndinaifufuta, pano ndikukanika kulowa. Nyimbo zanga zapita?"

Sizinapite ayi. Akaunti yanu ya Spotify ikadalipo, chatsekeka ndi khomo lolowera basi.

Pitani patsamba la Spotify losinthira pasiwedi, mulembe imelo yomwe munalembetsera Facebook ija, osati ina. Uthenga ukabwera (suzumiraninso mu Spam, umakonda kubisala kumeneko), dinani linki, mupange pasiwedi. Kuyambira pamenepo muzilowa ndi imelo ndi pasiwediyo.

Musathamangire Sign up. Ambiri amagwa apa: amatsegula akaunti yatsopano, n'kupeza mulibe nyimbo zomwe anasunga, n'kumati zafufutika.

Ngati imelo ijanso simuthanso kuitsegula, alembereni a Spotify Support akuthandizeni.